Meseji yoti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kutsimikiza: mafunso ndi mayankho

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, koma masiku ano anthu ambiri amene amafika pa tebulo langa foni yawo ilibe vuto lililonse, sikirini ili bwino, batire ili bwino, chimene chawabweretsa ndi ka meseji kamodzi chabe kamene kawasowetsa tulo. Ena amafika akadali ndi akaunti yawo ya Facebook kapena WhatsApp, ena amafika zitatha kale. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndimafunsidwa pafupifupi sabata iliyonse, ndawayankha mmene ndimayankhira munthu akakhala pa benchi yanga.

Ndalandira meseji yoti akaunti yanga itsekedwa pakatha maola 24 ngati sinditsimikiza. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kusadina linki imene ili mu mesejiyo. Osayankha, osafunsa kuti ndinu ndani, ingotulukani basi.

Mukatuluka, tsegulani Facebook yanu mmene mumatsegulira tsiku lililonse, pa ka chizindikiro kamene kali pa foni yanu kale. Apa ndiye pali nkhani yonse. Ngati Facebook ili nanu ndi mlandu, mlanduwo muupeza mkati mwa akaunti yanu popanda kudutsa pa linki ya munthu wina. Pitani pa mizere itatu ija, mutsike pa Help & support, mulowe mu Support Inbox. Umo ndi mmene amalemba ngati positi yanu yachotsedwa, ngati mwapatsidwa chenjezo, ndiponso batani lopemphera kuti aonenso limakhala momwemo. Palinso malo olembedwa Account Status, ndipo amene ali ndi peji ya bizinesi ali ndi Page status. Pa Instagram ndi chimodzimodzi, mu Settings muli Account Status. Mayina awa amasunthasuntha akasintha apu, ndipo pa Facebook Lite imene ambiri timagwiritsa ntchito chifukwa cha mabando zinthu zimakhala pena pake, koma mukalemba dzinalo pa ka galasi kofufuzira mu Settings zimatuluka.

Mukapeza kuti umo muli mbee, palibe chenjezo lililonse, ndiye kuti ka meseji kaja ndi ka akawalala. Simufunika kukhala katswiri wa makompyuta, simufunikanso kudziwa Chingelezi chakuya kuti muone ngati galamala yawo yalakwika. Chimodzimodzi munthu akakuimbirani kuti ndine wa ku banki, simukangana naye pa foni, mumadula nkupita nokha ku banki kukafunsa.

Koma mesejiyo yabwera mu Messenger, ili ndi chizindikiro komanso dzina la Meta, eni ake a Facebook. Si iwo amenewo?

Ayi. Dzina ndi chithunzi aliyense angathe kuika. Mnyamata wa giredi 9 angatsegule peji lero madzulo, nkuitcha "Meta Business Support" kapena "Page Security Team", nkukopera ka chizindikiro ka buluu kuika pa chithunzi, mphindi zisanu sizikwana. Facebook sikamba za kutseka akaunti yanu kudzera mu macheza a mu Messenger ochokera ku peji yachilendo, sichitanso zimenezo mu makomenti a pansi pa positi yanu. Ndipo pasiwedi yanu siyingakufunseni mu meseji kapena mu imelo, izi anazilemba okha m'malangizo awo.

Ngati mufuna kukhutira, dinani pa dzina la amene watumizayo, osati pa linki, muone peji yake. Nthawi zambiri mupeza kuti ili ndi otsatira awiri kapena ziro, inatsegulidwa dzulo, kapena mukatsika pansi mupeza zithunzi za ukwati wa munthu wina, kutanthauza kuti ndi akaunti imene anaba kale nkuisintha dzina. Ka tiki ka buluu koona kamakhala pambali pa dzina. Kakakhala mkati mwa chithunzi, ndiye kuti anachita kukajambulira.

Njira ina imene ikuvutitsa anthu maningi ndi yotagidwa. Mumaona mu ma notifikeshoni kuti peji ina yake yakutchulani, ndipo dzina la pejiyo ndi chiganizo chonse choopseza, ngati "Your Page Has Been Reported". Chifukwa zatulukira pa ka belu kaja munthu amayesa kuti ndi Facebook yeniyeni ikukamba. Belu ija yangokuuzani kuti wina wakutchulani, monga imachitira asisi anu akakutagani pa chithunzi cha ku Nc'wala.

Kodi munthu akadina, chimachitika ndi chani kwenikweni?

Ndikufotokozereni za amai ena amene amagulitsa salaula, mabelo amakatenga ku Lusaka ndipo zovala zabwino amayamba kuziika pa peji yawo asanapite nazo ku msika. Peji imeneyo anaimanga zaka zinayi, makasitomala ena ali ku Katete, ena ku Lundazi, amatumiza ndalama pa foni katundu nkukwera basi.

Tsiku lina cha m'ma 19 awazi akuphika, panalowa meseji mu inibokosi ya peji. Inali ya Chingelezi, inati chithunzi china pa peji chaphwanya malamulo a umwini, peji ichotsedwa kotheratu pakatha maola 24, ngati mukuona kuti talakwitsa dinani apa. Amai aja anakumbuka kuti masiku apitawo anaika chithunzi cha nsapato za dzina lodziwika, mtima unagunda, anati ndi zomwezo. Apa muone bwino, akawalala aja sanadziwe za nsapato. Meseji imodzimodziyo amaitumiza ku mapeji ambirimbiri, ndipo aliyense wogulitsa ali ndi ka chithunzi kamene angakakayikire.

Atadina, panatseguka tsamba looneka bwino, la buluu ndi loyera, lili ndi nambala ya mlandu komanso ka wotchi kakuwerenga chobwerera. Choyamba linafunsa zinthu zosaopsa: dzina lonse, dzina la peji, nambala ya foni, imelo, tsiku lobadwa. Munthu ukalemba zisanu zimenezo dzanja limazolowera, ndiye chachisanu ndi chimodzi chikabwera sumaima. Chachisanu ndi chimodzicho chinali pasiwedi. Analemba, tsamba linati "Password incorrect". Analembanso mosamala chilembo chimodzichimodzi, ulendo uno linalola. Sikuti analakwitsa poyamba ayi, masamba ambiri otere amakana dala ulendo woyamba kuti atsimikize kuti zimene mwalemba kawiri zikufanana, kapena kuti muwapatsenso pasiwedi ina imene mumagwiritsa ntchito kwina.

Kenako foni inalira, panalowa kodi ya manambala, yochokera ku Facebook yeniyeni. Tsamba lija nalo linali litasintha kale, likufunsa kodi yomweyo. Amai aja anandiuza kuti apa ndi pamene mtima unakhala pansi, anati ngati kodi yabwera ndiye kuti ndikukamba ndi eni ake. Koma chimene chinachitika ndi ichi: nthawi yomwe iwo analemba pasiwedi, munthu wina kutali anaitenga nkuilemba pa Facebook yeniyeni, Facebook poona foni yachilendo inatumiza kodi kwa mwini wake kuti imuteteze, mwini wake nkuitenga kodiyo kukapereka kwa wakubayo ndi manja awiri. Tsamba linamaliza ndi kuwathokoza nkuwauza kuti adikire pempho lawo likuonedwa. Kudikira kumeneko ndiye nthawi imene akawalala amafuna. Amai aja anapita kukagona.

M'mawa apu inali itawatulutsa. Pasiwedi yasinthidwa, nambala yawo ya foni yachotsedwa pa akaunti, imelo yaikidwa ina, mwana wawo amene anali adimini wachiwiri pa peji wachotsedwa. Pofika masana makasitomala atatu anali atatumiza kale K150 aliyense ya dipoziti ku nambala yachilendo, chifukwa peji inaika positi yoti belo latsopano la majekete latsegulidwa, oyamba kulipira ndi amene asankhe. Anabwera kwa ine atagwira foni m'manja ngati yatentha, chitenje chili pa phewa, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri sichinali peji, chinali choti mmodzi mwa amene anatumiza ndalama ndi mnzawo wa ku tchalitchi.

Linki ndingaiwerenge bwanji kuti ndidziwe kumene ikupita?

Pali ka lamulo kamodzi kosavuta. Chotsani `https://` kumayambiriro, kenako yendani mpaka mufike pa ka mzere kopendama koyamba `/`. Nthawi zambiri mawu awiri omaliza musanafike pa ka mzereko ndiwo mwini nyumba. Zonse za kumanzere kwake ndi zokongoletsa chabe, mwini nyumba angalembepo chilichonse chimene wafuna. Onani zitsanzo izi, ziwiri zapansizo ndangopeka kuti muone kapangidwe kake:

```
https://www.facebook.com/support
https://facebook.com.thandizo-peji.example/appeal
https://meta-thandizo.example/facebook.com
```

Yoyamba mwini wake ndi `facebook.com`. Yachiwiri ikuyamba ndi mawu a facebook.com koma mwini wake ndi `thandizo-peji.example`, ndipo pa foni ya sikirini yaing'ono mbali ya kumapetoyo imabisika, mumangoona koyambako nkukhulupirira. Yachitatu aika facebook.com kuseri kwa ka mzere, kumene sikutanthauza kanthu. Ena amasintha chilembo chimodzi, amaika ziro pamalo pa o, kapena amawonjezera ka mzere pakati. Enanso amagwiritsa ntchito Google Forms kapena malo ena aulere oikapo masamba, ndiye adiresi imaoneka ya kampani yodziwika, koma dzifunseni chifukwa chimene Meta ingakafunsire pasiwedi yanu pa fomu ya kampani ina.

Ka loko kamene kamaoneka pambali pa adiresi musakadalire. Kamangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa inu ndi tsambalo, sikakamba kuti mwini tsamba ndi munthu wabwino. Akawalala nawo ali nako.

Chinanso, nthawi zina linki yoyamba imakhaladi ya facebook.com, imakupititsani pa positi ya peji yabodza ija, ndipo mu positimo ndi mmene muli linki yachiwiri yotulukira kunja. Ndichifukwa chake ine kuwerenga linki ndimakuika pa nambala yachiwiri. Nkwabwino kudziwa, koma munthu ali ndi mantha, usiku, maso atopa, amaphonya chilembo. Kutseka meseji nkutsegula apu nokha sikufuna maso akuthwa.

Nanga ikabwera pa imelo?

Maimelo enieni a Facebook amachokera ku maadiresi othera ndi `facebookmail.com`, `fb.com`, `meta.com` kapena `metamail.com`, ndipo a Instagram ambiri amathera ndi `mail.instagram.com`. Mu Gmail dinani pa dzina la wotumiza kuti adiresi yonse ioneke, chifukwa dzina lokha limanama. Mukaona kuti "Facebook Security" ikutumiza kuchokera ku adiresi ya gmail.com, nkhani yatha pomwepo.

Koma njira yotsimikizika ndi iyi: mu Settings lowani mu Accounts Center, kenako Password and security, kenako Recent emails. Umo muli mndandanda wa maimelo a zachitetezo amene akutumizirani masiku apitawa. Ngati imelo yakuopsezaniyo mulibe, musaikhulupirire. Ndikukamba izi chifukwa pali akawalala ena ochenjera amene amatsegula akaunti ya bizinesi nkuipatsa dzina loopseza, kenako nkukutumizirani chiitano kudzera mu makina enieni a Facebook, ndiye imelo imafika ndi adiresi yoona koma mawu oopseza ndi linki zili mkatimo ndi zawo. Adiresi yoona payokha siikwanira.

Ndiye kuti machenjezo onse ndi abodza? Facebook simatseka anthu?

Imatseka, ndipo apa ndimafuna anthu amve bwino chifukwa ndikangoti zonse ndi zabodza ndikhala ndakunamizani. Mu 2022 Facebook inatumizadi maimelo kwa anthu ena, monga atolankhani ndi ena otsatiridwa ndi anthu ambiri, kuwauza kuti ayatse chitetezo chotchedwa Facebook Protect pasanafike tsiku lakuti, apo ayi akaunti ikhomedwa. Imeloyo inachokera ku `security@facebookmail.com`. Ambiri anaiyesa ya akawalala, anaisiya, ndipo anakhomeredwadi kunja mpaka atayatsa. Ndiye chenjezo loona liliko.

Kusiyana kwake kuli pa malo amene mukuchitira zinthuzo. Facebook ikakukayikirani, mumatsegula apu mmene mumachitira, mmalo moona mapositi mumakumana ndi tsamba lodzaza sikirini yonse, simungapite kwina. Likhoza kukuuzani kuti "We suspended your account" ndi kukupatsani masiku opemphera kuti aonenso, masiku ano amalemba 180. Likhoza kukupemphani kujambula nkhope yanu pa vidiyo mukutembenuza mutu, kapena kutumiza chithunzi cha chitupa monga NRC kapena pasipoti. Zonsezi zimachitikira mkati mwa apu imene mwatsegula nokha. Palibe munthu wocheza nanu, palibe ndalama yolipira, palibe nambala ya WhatsApp yoti mutumizeko chitupa.

Onaninso nthawi. Chenjezo loona limakupatsani masiku, ndipo mukalisiya ola limodzi kuti mukafunse munthu palibe chimene chionongeke. La maola 24, la maola 12, la ka wotchi kothamanga, cholinga chake ndi choti musapeze mpata wofunsa.

Pa WhatsApp zimakhala bwanji? Ine andiuza kuti nambala yanga ichotsedwa ndikapanda kutumiza kodi.

Musatumize. Pa WhatsApp mulibe pasiwedi, akaunti yanu yonse yaimira pa kodi ya manambala 6 imene imabwera pa meseji munthu akafuna kulembetsa nambala yanu pa foni ina. Wakuba amalemba nambala yanu pa foni yake, kodi imabwera kwa inu, ndiye chatsala ndi kukunyengererani kuti mumuuze. Ena amadzitcha a WhatsApp, ena amabwera ngati mnzanu wa mu gulu la tchalitchi kapena la chilimba amene amubera kale, amvekere pepani asisi ndatumiza kodi yanga kwa inu molakwitsa, nditumizireni. Ena amaimba foni kuti mawa kuli msonkhano wa gulu pa intaneti, kodi imene mwalandirayo ndi yolowera. Mukawerenga ka meseji ka kodiko mpaka pansi pamalembedwa kuti "Don't share this code with others".

Pali njira yachiwiri imene anthu sanaidziwe bwino. Tsamba labodza limakufunsani nambala yanu, kenako limakupatsani kodi ya zilembo ndi manambala 8 kuti mukailembe mu WhatsApp yanu. Imeneyo ndi kodi ya Linked devices, yolumikizira kompyuta ku akaunti yanu. Mukailemba inu simutulutsidwa, foni imagwira ntchito bwinobwino, koma wina akuwerenga macheza anu ndi kulembera anthu m'dzina lanu mwakachetechete. Lowani mu Linked devices lero muone, ngati muli kompyuta imene simuidziwa dinani pa iyo musankhe Log out.

WhatsApp ikakutsekani zoona siyamba yakunyengererani mu macheza. Mumatsegula apu nkupeza uthenga woti akauntiyi singagwiritsenso ntchito WhatsApp, ndi batani la Request a review pomwepo.

Ndadina linki koma sindinalembe kalikonse. Andibera kale?

Nthawi zambiri ayi. Masamba amenewa amadya zimene mwalemba, kungotsegula chabe sikuwapatsa pasiwedi. Tsekani. Koma ngati tsambalo linakupangitsani kudawunilodi kanthu, makamaka fayilo yothera ndi `.apk`, musaiike, ndipo ngati mwaika kale ichotseni msanga musinthe pasiwedi pa foni ina, chifukwa ma apu otere amapempha chilolezo chowerenga mameseji anu ndipo makodi onse amadutsa momwemo, kuphatikizapo a ndalama.

Ndalemba pasiwedi ndi kodi yomwe. Manje ndichite chani?

Thamangani, musadikire kuti kuche. Ngati mukadali mkati mwa akaunti, pitani mu Accounts Center, Password and security, Change password, muike yatsopano yosafanana ndi yakale ngakhale pang'ono. Kenako pomwepo lowani mu Where you're logged in, mutulutse foni ndi kompyuta zonse zimene si zanu. Musadabwe mukaona foni yanu yomwe ikuonetsa Lusaka pamene inu muli ku Mchini, malo amene amaonetsa amatengera netiweki, yang'anani mtundu wa foni ndi nthawi. Mukatero onani pa Personal details ngati sanawonjezere imelo kapena nambala yawo, chifukwa akasiya yawo umo abweranso mawa ndi Forgot password. Amene muli ndi peji onaninso mndandanda wa anthu amene ali ndi mphamvu pa pejiyo, muchotse wachilendo aliyense, ndipo ngati munaikapo khadi la ku banki lolipirira zotsatsa imbirani banki yanu.

Ngati akutulutsani kale, tsegulani Chrome mulembe nokha `facebook.com/hacked`, kapena `instagram.com/hacked` ngati ndi Instagram. Chitani izi pa foni yomwe mumalowera masiku onse, chifukwa Facebook imaizindikira ndipo imakukhulupirirani msanga kuposa pa foni yobwereka. Tsegulaninso imelo yanu yakale: akasintha imelo ya pa akaunti, Facebook imatumiza uthenga ku imelo yakaleyo wokhala ndi linki yobwezera zimene zasinthidwa, koma linki imeneyo siikhala mpaka kalekale.

Amai a salaula aja chinawapulumutsa ndi chimenechi. Imelo imene mwana wawo anawatsegulira pogula foni inali ikadali mu Gmail, sanaitsegulepo chaka chonse, ndipo uthenga uja unali momwemo pakati pa mameseji mazana osawerengedwa. Akaunti inabwerera tsiku lomwelo. Peji ndiyo inatenga masabata, ndipo ndalama za makasitomala atatu aja sizinabwere, anachita kuwapatsa majekete kuchokera m'thumba mwawo. Ndaonanso ena amene akaunti sinabwerere konse, makamaka amene anaitsegula ndi simu imene inatayika kalekale ndipo dzina la pa akaunti silifanana ndi la pa chitupa. Sindingakulonjezeni kuti zimatheka nthawi zonse.

Pa WhatsApp ndi kosavutirapo. Lembetsaninso nambala yanu pa foni yanu, kodi yatsopano ikabwera nkuilemba, wakubayo amatulutsidwa yekha. Akakhala kuti waika kale PIN yake ya Two-step verification, imene WhatsApp imafunsa pambuyo pa kodi, mudikira masiku 7 kuti mulowe popanda PIN imeneyo, koma iye amakhala atatuluka kale kuyambira pamene munalemba kodi ija.

Pamene mukuchita zonsezi pemphani m'bale wanu alembe pa sitetasi yake ndi m'magulu kuti akaunti yanu yabedwa, asatumize ndalama. Musachite manyazi. Ola lililonse limene mwakhala chete ndi ola limene amalume anu ku Petauke akulandira meseji yoti mwagonekedwa m'chipatala mukufuna K500.

Pasiwedi yomweyo ngati munaigwiritsanso ntchito pa imelo kapena pa TikTok, sinthani konseko.

Pali munthu wandilembera kuti angandibwezere akaunti ndikamulipira. Ndimupatse?

Ayi. Mukangolemba poyera kuti mwaberedwa, pansi pa positi pamadzaza makomenti otchula katswiri wakuti amene anawathandiza. Amenewo ndi gulu lomwelo kapena anzawo, atenga ndalama yoyamba, apempha yachiwiri, kenako zii. Ngakhale ife okonza mafoni tilibe khomo lakuseri lolowera ku Facebook, chimene ndimachita ine ndi kukhala pansi ndi munthu nkudutsa naye njira zomwe ndalemba pamwambazi, iye akulemba yekha pasiwedi yake.

Ndikanene kuti?

Mu Messenger momwemo dinani pa dzina la wotumiza musankhe Report kenako Block. Imelo yabodza mungaitumize ku `phish@fb.com`. Ngati pali nambala ya foni ya muno mu Zambia imene yatumiza meseji kapena imene ikulandira ndalama, ZICTA ili ndi `*707#` yoneneza manambala a akawalala. Amene watumiza ndalama aimbire kampani ya netiweki yake nthawi yomweyo ndi nambala ya thiranzakishoni, chifukwa ndalama zikatapidwa pa buthi kuzibweza kumavuta, kenako apite ku polisi ndi masikirinishoti. Jambulani zonse musanabuloke, dzina la peji, linki, nambala, nthawi.

Nanga Two-factor authentication, chitetezo chofunsa kodi pamwamba pa pasiwedi, ili ndi phindu lanji ngati amai aja anaberedwa kodi ili pomwepo?

Phindu lilipo lalikulu. Popanda iyo pasiwedi yokha ikwanira kuti munthu alowe, ndipo mapasiwedi athu ambiri ndi nambala ya foni kapena dzina la mwana ndi chaka chobadwa, zinthu zimene zili poyera pa akaunti yomweyo. Ikakhalapo wakuba amakakamizika kubwera kwa inu kudzapempha kodi, ndipo pamenepo ndi pamene mumamugwirira. Kodi ikabwera inu simunayambe kulowa penapake nokha, imeneyo ndi belu yoti wina ali pa khomo ndi pasiwedi yanu, sinthani nthawi yomweyo. Malire ake ndi amenewo, siingakutetezeni ngati mwaipereka nokha.

Pa Facebook muiyatsa mu Password and security. Ikakupatsani Recovery codes, makodi olowera nawo foni ikasowa, zilembeni m'kabuku kamene mumasunga ku nyumba, osati mu foni yomweyo. Pa WhatsApp pitani Settings, Account, Two-step verification, muike PIN ya manambala 6 imene si ya MoMo kapena ya Airtel Money, muikenso imelo imene mumatha kutsegula. Ndi PIN imeneyo, ngakhale tsiku lina mutapereka kodi mwangozi, wakubayo akakamira pa khomo lachiwiri.

Ndipo onani kuti nambala imene ili pa akaunti yanu ndi imene ili mu foni yanu lero. Kuno timasintha masimu pafupipafupi, ena amene amachita malonda pa Mwami ali ndi ya +260 ndi ya +265, ndiye akaunti inatsegulidwa ndi simu imene inasiya kugwira ntchito zaka zitatu zapitazo. Nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali imatha kupatsidwa kwa munthu wina, makodi anu nkumapita kwa iye.

Amai anga sawerenga Chingelezi, foni ndinawagulira ine ndipo ndimakhala kutali. Ndiwathandize bwanji?

Musawaphunzitse zowerenga malinki, sizigwira. Auzeni zinthu ziwiri chabe m'chinenero chathu: manambala amene abwera pa meseji sauza munthu aliyense ngakhale atakhala abusa kapena ine mwana wanu, ndipo meseji iliyonse yokamba zotseka mundiimbire kaye musanadine. Mukapita kumudzi khalani nawo pansi muyatse Two-step verification pa WhatsApp yawo, PIN asankhe okha imene angakumbuke, imelo yobwezera muike imene inu mumatsegula. Tsegulaninso Linked devices muone limodzi, chifukwa mafoni a makolo amadutsa m'manja ambiri, kwa wotchaja, kwa adzukulu, kwa amene amawaikira nyimbo.

Akakuimbirani usiku kuti kwabwera meseji ina, musawakalipire kuti ndinakuuzani kale. Auzeni akutumizireni sikirinishoti, kapena akuwerengereni zilembo zimene akuona, ndipo foni aisiye pa tebulo mpaka mutawaimbiranso.